Alendo Osaitanidwa pa Wayifayi ya a Mpiringidzo

Aliyense amene anatayapo kiyi mumsewu uja amawadziwa a Mpiringidzo. Kashopu kawo n'kopapatiza ngati bokosi la machesi, kopanikizika pakati pa sitolo ya utoto ndi malo oimikapo matakisi. Mkati muli makina odulira makiyi, vayisi yopanira zitsulo, matupa asanu ndi limodzi, fumbi la mkuwa paliponse mpaka m'kapu ya tiyi, ndi mwini wake, mdala wamfupi wa mawu ngati lipenga la lole. Munthu ameneyu sanong'ona. Akakupatsa moni, agalu a msewu wachitatu amayankha.

Koma musayerekeze kuwanyoza. Zaka makumi atatu akudula makiyi, palibe wakuba amene analowa pakhomo ndi kiyi yochoka m'manja mwawo. Wina anabwerapo ndi sopo wodindidwa kiyi, ati ndi ya kuchipinda kwa azakhali ake. A Mpiringidzo anamuthamangitsa ndi hamala mpaka pamphambano, sopoyo n'kusambira m'manja sabata yonse.

Ali ndi lamulo limodzi lokha, ndipo linabadwa tsiku la ukwati wawo. Suti inali m'sutikesi yokhoma, kiyi inali imodzi, ndipo inasowa. Nthawi imeneyo anali asanaphunzire ntchito. Anakwatira atavala jekete yobwereka ya mlamu wawo, manja ake olekezera m'zigongono, ndipo chithunzi chake mayi a kunyumba amachionetsabe alendo. Kuyambira pamenepo analumbira kuti kiyi iliyonse izikhala ndi inzake. Kumbuyo kwa kauntala kuli bolodi lalikulu la misomali, ndipo msomali uliwonse uli ndi kiyi yapadera ya kasitomala ndi kachikwangwani kake. Salembapo nambala ya nyumba, si opusa. Amalemba za iwo okha: Dokotala Wadazi, Mayi Wamkangano, Mphunzitsi Woiwala. Wakuba ataiba imeneyo akatsekula khomo liti?

Pakhonde la shopuyo, kumanzere kwa chitseko, pamakhala a Chidendene, wosoka nsapato. Anabwera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo kudzabisala mvula, mvula inakata, iwo sanachoke. Ndi munthu wamtali, wofatsa, wolankhula ngati mawu akuwatola pansi limodzilimodzi. Awiriwa ndi a ponda apa nane mpondepo. Ketulo imodzi, benchi imodzi. A Mpiringidzo atagona m'chipatala mwezi wathunthu, a Chidendene ndi amene ankatsekula shopu m'mawa uliwonse n'kumauza makasitomala kuti abwerenso, kenako madzulo n'kupita kukakhala pambali pa bedi kuti wodwalayo apeze womukalipira.

Wayifayi inabwera ndi mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito pafamase ya kuseri. Maloko a masiku ano ndi ena, ena alibe ndi bowo lomwe, ndiye mdala ankafunika kumaonera mavidiyo a amisiri anzake, komanso kulandira zithunzi za zitseko kuchokera kwa makasitomala. Mwanayo anaika rauta, kabokosi kogawa wayifayi, pashelufu, analemba pasiwedi pakapepala, nati, "Bambo, iyi muisunge pabwino."

Pabwino! Kwa a Mpiringidzo pabwino ndi pamodzi pokha. Anatenga chikwangwani chachikasu, chachikulu kuposa zonse poti maso anayamba kuvuta, analembapo ndi cholembera chonenepa kuti WAYIFAYI, m'munsi mwake pasiwedi yonse, n'kuchikoloweka pamsomali wa kuzenera pomwe pamawala bwino. Dzina lobisa sanaone chifukwa chake. Chinthu chopanda chitseko uchibisiranji?

Munthu mmodzi yekha ndi amene mdala anamuuza pasiwediyo ndi pakamwa, a Chidendene, amene amakonda kuonera anthu ogwetsana pafoni yawo yong'aluka galasi.

Zinayenda bwino miyezi ingapo. Kenako intaneti inayamba kuyenda ngati nkhono yodwala. Lolemba lina kunabwera mayi ndi kasefa kachitsulo kosungiramo ndalama ka malemu amuna awo, a Mpiringidzo natsekula vidiyo kuti aone pamene amaboola. Mmisiri wa muvidiyomo anakweza dirilo m'mwamba, n'kuuma pompo, kukamwa yasa, kachizungulire kakuzungulira pamphuno pake. Mphindi khumi. Mayi aja anafunsa mwaulemu ngati kulibe wina wodziwa.

Wina wodziwa! Mdala anaimbira mwana wake ngati nyumba ikupsa.

Mwanayo anafika pa nthawi yopuma masana, atavala yunifolomu yake yoyera. Anatembenuza rauta chagada nawaonetsa kapepala komatidwa pansi pake.

"Mukuona manambala awa a timadontho pakati? Ndi adiresi ya rauta. Mukakhala kuti mwalumikiza pa wayifayi yanuyi, mumawalemba pamwamba apa, pomwe mumalemba mukamafufuza zinthu. Ikufunsani dzina ndi pasiwedi ya woyang'anira. Zili pakapepala pomwepa. Imeneyi si ija ya wayifayi, bambo, ndi ina."

"Makiyi awiri khomo limodzi. Zimenezo ndiye nzeru," anatero mdala.

Mwanayo anadina pamene pamaonetsa zipangizo zolumikizidwa. Mndandanda unatsika, n'kutsika, n'kutsikabe. Mizere ina inali ndi mayina a mitundu ya mafoni. Ina inali manambala ndi zilembo zosakanikirana basi. Wina unalembedwa kuti Bwana Mkubwa wa Matayala, wina Kamtsikana Kofewa.

"Khumi ndi zisanu ndi ziwiri," anatero mwanayo.

"Chiyani?"

"Zipangizo zimene zili pa wayifayi yanu panopa. Tiyeni tione zathu. Zimitsani wayifayi pafoni yanu." Anazimitsa, mwanayo nadikira pang'ono, natsitsimutsa tsambalo, mzere umodzi n'kusowa. "Imeneyo ndi yanu. Iyi ndi yanga, ili ndi dzina langa. Amalume, tazimitsani yanu kunjako!"

A Chidendene anazimitsa, mzere winanso unachoka.

"Zathu zitatu. Enawa khumi ndi anayi ndi alendo anu."

A Mpiringidzo anakhala pansi pa ndowa. Anthu khumi ndi anayi m'shopu mwawo, masana dzuwa likuswa mtengo, osathyola chitseko, osakhudza loko. Iwo, a Mpiringidzo! Kenako magazi anakwera.

"Kamtsikana Kofewa ameneyo ndi ndani? Atuluke! Mmodzimmodzi, ndiwaone nkhope!"

"Nkhope sizioneka. Tikhoza kuwatsekera mmodzimmodzi, koma mafoni a masiku ano amatha kusintha manambala awo aja, mawa abweranso ngati achilendo. Chachidule n'kusintha pasiwedi. Onse agwa nthawi imodzi, ndi ife tomwe."

"Kusintha loko."

"Eya, bambo, kusintha loko."

Anawaonetsa tsamba la zokonda za wayifayi, anafufuta yakale, analemba yatsopano yaitali ya zilembo ndi manambala, nadina posunga. Magetsi a rauta anaphethira. Anasinthanso ya woyang'anira ija, ati poti ya pakapepala aliyense wogwira rauta akhoza kuiwerenga, ndipo imeneyo anaisunga m'foni mwa bambo ake. Kenako foni iliyonse anaiuza kuti iiwale wayifayi yakale, n'kulowanso ndi pasiwedi yatsopano. Mndandanda unaonetsa zitatu. Kunja, pa matakisi, amuna anayi anadzutsa mitu nthawi imodzi n'kuyamba kukweza mafoni m'mwamba ngati akuitana mvula.

Mdala anaseka mpaka kutsokomola. Sefa ija anaitsekula tsiku lomwelo. Madzulo asanatseke anatenga chikwangwani chachikasu chatsopano, analembapo bwinobwino, nachikoloweka pamsomali wake.

Lachiwiri, isanakwane teni koloko, anatsekula mndandanda yekha, monyadira, magalasi ali pamphuno. Khumi ndi ziwiri. Bwana Mkubwa wa Matayala anali pamwamba penipeni.

Anasinthanso, yekha, thukuta lili kamukamu, chala chimodzi chikusakasaka zilembo. Analowetsanso foni yawo, nakauza a Chidendene chapansipansi, kutanthauza kuti anamva a sitolo ya utoto okha basi koma osagwira zilembo zake. Chikwangwani chatsopano, msomali womwewo. Lachitatu masana, khumi ndi zisanu.

Apa ndiye anayamba kuwerenga ngati wodula makiyi. Kiyi iyi ndadula makope angati? Yanga. Ya mwana sindinamupatse n'komwe yatsopanoyi. Yapabolodi ili pomwepo, anacheuka n'kuiona ikulendewera, yosakhudzidwa, ndipo m'zaka makumi atatu palibe chinasowapo pabolodi limenelo. Yatsala imodzi. Anasuzumira pakhomo. A Chidendene anali kuseka ndi woyendetsa takisi wina amene anabweretsa sandasi yoduka lamba, ndipo woyendetsayo foni ili m'manja.

"Achimwene," anatero a Mpiringidzo woyendetsayo atachoka, ndipo mawu ake anali otsika, zimene zinaopsa kuposa kukuwa. "Amakupatsani chiyani?"

"Ndani?"

"Anzanu a matakisiwa. Amakukwezani ulere? Kapena Kamtsikana Kofewa ndiye kakufewetsani mutu?"

A Chidendene anachotsa msomali pakamwa. "Mukunena za wayifayi? Inetu dzulo ndimati ndikuuzeni, chija mwapachika..."

"Mundiuze chiyani? Mwauza kale msewu wonse! Ine ndimakupatsani chinsinsi, inu mukugawa ngati madzi a pampopi!"

"Tamverani kaye, akulu. Pabolodi..."

"Bolodi langa mulisiye! Bolodi langa silinandiberepo! Zaka zonsezi ndakhala ndikuweta khoswe pakhonde, n'kumamuthirira shuga m'tiyi!"

Msewu unaima. Wa utoto anatuluka ndi burashi m'manja. A Chidendene anatenga msomali uja, naukhomera m'nsapato, kamodzi, kawiri.

"Khoswe," anatero. "Chabwino. Mkamwini wanga wakhala akundiitanira malo pafupi ndi siteshoni. Loweruka abwera ndi galimoto. Khonde lanu mulisese bwino."

Anatulutsa foni, naiuza kuti iiwale wayifayi ya a Mpiringidzo, iwo akuona. Kapu yawo ya tiyi anaichotsa pashelufu n'kuiika m'thumba la zikopa.

Mukuganiza kuti mdala anagonja? Simukumudziwa. Analowa, anasintha pasiwedi kachitatu, sanauze munthu wamoyo, ngakhale mwana wake. Analemba chikwangwani mokwiya, cholembera chikuterereka, nachipachika. Tsopano tione, anatero mumtima.

Lachinayi linali lalitali ngati maliro a munthu wosamudziwa. Ketulo inawira, a Mpiringidzo anathira makapu awiri mwachizolowezi, kenako anazindikira kuti yachiwiriyo ndi chitini cha masikuluwu. Anadula kiyi ya mayi wina mokhota, zimene sanachitepo chiyambire. Panja a Chidendene anali kulongedza zikombole za nsapato m'katoni, mwakachetechete, chimodzichimodzi. Mayi a kunyumba anali atawauza kale m'mawa kuti, "Mukam'thamangitsa ameneyo mudzikalipira ndani? Ine ndiye ayi, ndinatopa kale." Mndandanda sanautsekule. Ankadziuza kuti alibe nthawi.

Lachisanu m'mawa kunabwera mwamuna wonenepa wa manja akuda ndi girisi, amene amamata matayala kuseri kwa matakisi. Anatsamira pakauntala mwaulemu wonse, foni m'manja, maso ali pamwamba pa phewa la mdala.

"Pepani bambo, mwadzuka bwanji? Ndangoti ndifunse. Chachitatucho ndi faifi kapena ndi S?"

"Chachitatu cha chiyani?"

"Pachikasupo. Masiku onsewa mumalemba bwino, koma ya ulendo uno yativuta. Dzulo lonse takhala tikukangana, ena akuti faifi, ena akuti S. Ena alowa, ine ikundikana."

A Mpiringidzo anatembenuka pang'onopang'ono. Chikwangwani chinali pomwepo, dzuwa la m'mawa likuchiwalira bwino, zilembo zazikulu ngati za pabasi.

"Inu ndinu Bwana Mkubwa wa Matayala?"

Mwamunayo anamwetulira mano onse. "Mwandidziwa! Ifetu timakuyamikirani, bambo. Timati mdala uja ndi waukali pakamwa pokha, mtima ndi wa mpingo. Mukasintha, mmodzi amabwera kudzawerenga, enafe timangojambula kachithunzi ka timabokosi kamene foni yake imaonetsa, basi talowa."

"Kuwerenga! Ndani anakupatsani chilolezo chowerenga bolodi langa?"

"Aa, bambo, chinthu cholembedwa chonchija, choyang'ana kumsewu?"

Zimene a Mpiringidzo ananena pamenepo sizilembeka. Wa matayala anathawa n'kusiya chipewa. Koma mkwiyo unatha msanga, poti unalibe pogwira. Mdala anathothola chikwangwani, anachiyang'ana, chili chonse, chosabedwa, chosakandika. Kiyi imene munthu amaiba ndi maso n'kukusiyira yako m'manja. Anatsekula mndandanda. Zisanu ndi zinayi. Anauwerenga kawiri kuchokera pamwamba mpaka pansi kufuna foni ya a Chidendene, imene tsopano ankaidziwa mzere wake. Munalibe. Munthu amene amakhala mikono iwiri kuchokera pachikwangwanicho, amene akanachiwerenga osadzuka n'komwe pampando, ndi yekhayo mumsewu wonse amene sanalowe.

Tsopano vuto linali lakuti a Mpiringidzo mawu akuti pepani sanawatchulepo chibadwire. Pakamwa pawo palibe malo ake. Anayendayenda m'kashopumo, masitepe awiri uku, awiri uko. Anaimbira mwana wake, mwanayo anaseka mpaka kufuna kugwetsa foni, kenako anati, "Ine za rauta ndakuphunzitsani. Za amalume mukonze nokha."

Anayang'ana pansi. Anavula nsapato ya kumanja, yabwinobwino, yosokedwa ndi a Chidendene omwewo chaka chatha. Anaimanga pavayisi, anatenga pulayala, n'kuzula chidendene chake ndi mphamvu zonse. Chinakana. Munthu uja amasoka zolimba. Mpaka anachita kutengera tchizulo.

Anatuluka akutsimphina, sokosi yobooka chala chili panja, naika nsapatoyo pakatoni.

"Yathyoka yokha."

A Chidendene anainyamula, anaitembenuza, anaona mano a vayisi pachikopa. "Yokha."

"Ndikuyenda."

"Ndalongedza zida. Pitani nayo kusiteshoni Lolemba, mukandipeza."

"Ndiyende chonchi mpaka Lolemba?"

"Khoswe sasoka nsapato, akulu. Amadya."

A Mpiringidzo anakhala pabenchi, kumapeto kwenikweni. Anatulutsa chikwangwani chachikasu m'thumba nachiika pakati pawo.

"Munkafuna kundiuza," anatero a Mpiringidzo.

"Kawiri."

"Nanga miyezi yonseyi osanena bwanji?"

"Ndimayesa mwachita dala. Ndimati mnzanga wakalamba, wayamba kukonda anthu. Nditaona mukusintha Lolemba n'kupachikanso, m'pamene ndinadziwa kuti si chifundo, ndi umbuli."

Tsiku lina mawu amenewo akanayambitsa nkhondo. A Mpiringidzo anawameza, anaoneka ngati akumeza kiyi ya geti.

"Khoswe uja," anatero, akuyang'ana sokosi yawo, "ndi ine. Ndanena. Wamva wa utoto, wamva wa matayala, ndipo ngati alipo Kamtsikana Kofewa nayenso wamva." Apa mawu anabwerera mwakale, anaimirira ndi mwendo umodzi n'kukuwira msewu wonse. "Mwamva nonse? Munthu uyu sanagawe kanthu! Wakuba ndinu, chitsiru ndine!"

Kumatakisi wina anawomba m'manja. A Chidendene anapukusa mutu, koma dzanja linali litalowa kale m'katoni kufuna chikombole.

"Khalani pansi musanagwe. Ndipo mundimvere, ndili ndi mawu anga. Musinthenso chinthu chanucho. Osalemba pachikwangwani. Mukafuna yapadera, kapepala kalowe m'kabati yokhoma."

"Ndamva."

"Ndipo ine musandiuze."

"Aa, achimwene, zatha izi."

"Sizinathe. Foni yanga nayi. Mulembemo nokha, ine ndikuyang'ana kumbali. Kuti tsiku lina mukadzapezanso alendo, mudzayambe mwadzitukwana nokha, ine ndikumwa tiyi."

Anachita momwemo. A Mpiringidzo analowa ndi mafoni awiri, anasintha kachinayi, magetsi a rauta anaphethira, kumatakisi kunamveka kubuula ngati timu yagoletsedwa. Analowetsa foni yawo, kenako ya mnzawo, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja. Anatsitsimutsa mndandanda katatu kuti akhulupirire. Ziwiri.

Anatuluka nawo kukawaonetsa. A Chidendene anangoyang'ana kamodzi, misomali itatu ili pakamwa, nsapato ili pabondo.

"Nanga mkamwini wanu mawa?" anafunsa mdala, ngati nkhani yopanda ntchito.

"Mumuimbire ndinu. Mumuuze chifukwa chake, chonse, osadumpha za khoswe." Anakhoma msomali woyamba. "Ndipo chikopachi mwachiwononga. Munthu wamkulu kumanga nsapato pavayisi! Mukhala pomwepo mpaka guluu aume."

A Mpiringidzo anakhala, phazi limodzi lili m'mwamba, nayamba kufufuza nambala ya mkamwini.